Momwe mungayezere wodwala wopotoka pakamwa potsata maachi a pakhosi

Mwana akakwana sabata 4 m'mimba, pakhosi pake pamatuluka timizere totukuka ngati mizere ya m'munda. M'kalasi timati maachi. Alipo asanu: 1, 2, 3, 4 ndi 6, poti wachisanu sakhazikika. Achi aliyense ali ndi mtsempha wake wochokera ku ubongo, ndipo mnofu wobadwira mu achiyo, ngakhale usamukire kutali, susiyana ndi mtsempha umenewo. Ophunzira amene muli m'mawodi a ku Chikwawa, Nsanje ndi Muona, gwiritsitsani mfundo imeneyi.

Tiyerekeze kuti kwabwera mayi amene adzuka pakamwa patakhotera kumanzere.

Yambani ndi achi 1. Nenani kuti, "Mayi, talumani mano," uku zala zanu zili pa nsagwada mbali zonse. Minofu yotafunira imachokera mu achi ameneyu, pamodzi ndi nsagwada ndi tifupa tiwiri ta m'khutu, maliyasi ndi inkasi. Mtsempha wake ndi V, kutanthauza wachisanu mwa mitsempha yochokera ku ubongo. Ngati mbali zonse zalimba mofanana, V ali bwino.

Kenako achi 2, ndipo apa musathamange. Apempheni akweze nsidze, atsinzine mwamphamvu, afufumitse masaya. Minofu yonse yosekera ndi yokwinyira nkhope ndi ya mtsempha VII. Mwa mayi athuwa, chipumi cha kumanja sichikuchita makwinya, diso la kumanja silikutsekeka, mpweya ukuthawira pakona ya mlomo. Mbali yodwala ndi ya kumanja, chifukwa mbali yamphamvu ndiyo imakoka pakamwa.

Akadandaula kuti nsima ikutsalira m'tsaya, musathamangire kunena V. Mnofu wa m'tsaya, bakisineta, umathandiza potafuna koma ndi wa achi 2. Afunseninso ngati phokoso likuwasokosa kwambiri khutu la kumanja. Kafupa kachitatu ka m'khutu, sitepisi, ndi kamnofu kochepetsa kugwedezeka kwake, zonse ndi za achi 2.

Chipumi chikamakwinyika bwino pamene m'munsi mwa nkhope mwafooka, vuto lili mu ubongo. Ganizirani sitiroko, yezani mkono ndi mwendo, itanani adokotala msanga.

Malizani ndi pakhosi. Achi 3 ali ndi mtsempha IX, mnofu umodzi wokha wokweza mmero, ndi mbali ya fupa la pakhosi lotchedwa hayoyidi. Achi 4 ndi 6 amapanga chichereŵechereŵe cha kholingo ndi minofu yomezera ndi ya mawu, ndipo mtsempha wawo ndi X. Mayiwo anene "aaa" muone ngati m'kamwa chakumbuyo mukukwera mofanana, kenako mumvetsere ngati mawu asasa.

Ngati zonsezi zili bwino, watsala VII yekha. Diso losatsekekalo ndilo limandidetsa nkhawa, chifukwa kutentha ndi fumbi la kuchigwa kuno zimaliumitsa msanga mpaka kuchita chilonda. Mayiwo asachoke opanda mankhwala onyowetsa diso, ndipo muwaonetse kamatidwe ka chikope pogona.