Osewera anzako akamadumphadumpha mu gemu: momwe ungakonzere ndi intapoleshoni

Tinali kuyesa kagemu kathu ka mpira, ine ndili ku Kapata mnzanga ali ku Katete, iye nkumadandaula kuti munthu wanga akudumpha ngati chule. Poyamba tinanamizira netiweki, koma vuto linali mu kodi yathu. Seva imatumiza malo a osewera ka 20 pa sekondi, kutanthauza paketi imodzi pa mamilisekondi 50 alionse, pomwe foni imajambula ka 60 pa sekondi, ndiye ukamaika munthu pamalo atsopano paketi ikangofika, amaima mafulemu atatu kenaka nkudumpha.

Choyamba, leka kugwiritsa ntchito paketi pompopompo. Isunge mu kamndandanda pamodzi ndi nthawi imene seva inaitumiza. Nthawi imene yafika pafoni usaikhulupirire, mapaketi amabwera ena mochedwa ena mounjikana.

Kenaka jambula anzako mochedwa dala, mamilisekondi 100 kumbuyo. Zikumveka zachilendo koma magemu opangidwa ndi injini ya Source ya kampani ya Valve amatero, setingi yawo ya `cl_interp 0.1` ndi imeneyi. 100 ndi mapaketi awiri, ndiye imodzi ikasochera panjira udakali ndi ina yogwirira.

Manje peza mapaketi awiri, ya kumbuyo ndi ya kutsogolo kwa nthawi ukujambulayo, nkumuika munthu pakati pake, imeneyi ndiye intapoleshoni:

```
renderTime = serverNow - 100
t = (renderTime - a.time) / (b.time - a.time)
x = a.x + (b.x - a.x) * t
```

Tinene paketi `a` ndi ya nthawi 1000, munthu ali pa 10, paketi `b` ndi ya 1050, ali pa 14. Wotchi ya seva ili pa 1130, ndiye tikujambula 1030. Apa `t` ndi 30 kugawa ndi 50, ndiye 0.6, munthu wathu aima pa 12.4. Fulemu yotsatira asuntha pang'ono chabe, diso limaona ngati akuthamanga bwinobwino. Chita chimodzimodzi ndi `y`.

Ukaona `t` yapitirira 1 dziwa kuti mndandanda wauma, paketi yatsopano sinafike. Ungamupitirize ndi liwiro lomwe anali nalo, koma kwa kanthawi kochepa, mamilisekondi 250 akakwana muimitse, apo ayi alowa mu chipupa kenaka nkubwerera ngati wakokedwa ndi chingwe. Zikamachitika pafupipafupi kweza kuchedwa kuja kufika 150, kungoti udzikhala ukuona anzako pomwe anali kale.

Munthu wako iwe mwini usamuchedwetse, ukadina batani ayende pomwepo. Komanso wina akafa nkudzukira kwina, fufuta mndandanda wake umuike pamalo atsopanowo. Ife tinaiwala, goloyi wathu anaseleleka bwalo lonse ngati mzukwa, mnzanga wa ku Katete mpaka lero amandiseka nazo.