Poyerekeza mtengo wa randi popita ku Joni

Amene mumanyamuka kuno ku Mulanje kupita ku Joni, musamangodalira mawu akuti "palibe komishoni". Osintha ndalama phindu lawo amalibisa mu reti. Funso ndi limodzi basi: ndatulutsa makwacha angati onse pamodzi, ndipo ndalandira marandi angati? Gawani makwachawo ndi marandiwo kuti mupeze mtengo weniweni wa randi imodzi.

Tingoyerekeza kuti reti yapakati, yomwe ilibe phindu la wosintha ndalama, ndi K100 pa randi imodzi. Kubyuro akukugulitsani pa K106, ndiye R2,000 ikudyerani K212,000. Kutumiza kudzera kubanki reti ingakhale K103, yooneka yabwino, koma akawonjezera chindapusa cha K15,000 mwalipira K221,000, kutanthauza K110.50 pa randi. Chindapusa chokhazikikachi chimapweteka pa ndalama zochepa. Pa R20,000 chimangowonjezera matambala 75 pa randi, apo banki yapambana.

Khadi ya kubanki ndiye ili ndi msampha wake. Kamakina ka m'sitolo kapena ATM kakafunsa ngati mulipire mu ndalama ina osati randi, kanani, sankhani `ZAR`, kutanthauza randi. Mukavomera, reti amaika ndi a kamakinako, ndipo kawirikawiri imakhala yoipa kuposa ya Visa kapena Mastercard. Sungani risiti, mudzaiyerekeze ndi sitetimenti pakadutsa masiku angapo, chifukwa ndalama yomwe imaoneka pa meseji poyamba nthawi zina imasintha.