Malangizo a poto wophikira ndi nthunzi yotsekeredwa: kwa ophika a ku Mchinji, Chipata ndi madera okwera

Pepalali ndi la poto wa puleshakuka wa malita 6, wokhala ndi kachitsulo kolemera pamwamba pa chivindikiro. Talembera makamaka inu a ku Chipata, Katete ndi Lundazi amene mumagula katundu pa Mchinji n'kudutsa naye pa chipata cha Mwami, komanso a Mchinji ndi Kasungu eni ake. Mphindi zimene zimalembedwa pa mabokosi a mapoto otere nthawi zambiri zimayesedwa kumadera otsika a m'mbali mwa nyanja zamchere. Inu mumakhala kumtunda, ndipo madzi anu sawira ngati a kumeneko.

Chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kumtunda

Mpweya umene tili nawowu uli ndi kulemera kwake, ndipo umatsendereza chilichonse, ngakhale madzi a mumphika. Madzi amayamba kubwata pamene nthunzi yake yapeza mphamvu yokankha mpweya umene ukuwatsendereza. Kugombe la nyanja yamchere mpweya ndi wochuluka, mphamvu yake ndi 101 kPa, ndipo madzi amawira akafika madigiri 100. Munthu akamakwera mtunda, mpweya wa pamwamba pake umachepa, kutsendereza kumachepanso, choncho madzi amabwata asanafike pa 100. Pa mamita 300 alionse amene mwakwera, digiri imodzi imachoka.

Boma la Mchinji ndi tauni ya Chipata zili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kumeneko mpweya umatsendereza ndi mphamvu ya 88 kPa, ndipo madzi amawira pa madigiri 96. M'mbali mwa nyanja ya Malawi, monga ku Salima, amawira pa 98 ndi kadontho. Pansonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje, pa mamita 3,002, amawira pa 90 basi. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha akakaviika m'madzi obwata pa Mchinji n'kuona 96, asakabweze kusitolo, sikanawonongeke.

Mfundo imene ophika ambiri amaiphonya ndi iyi: madzi akangoyamba kubwata mumphika wamba, satenthanso kuposa pamenepo. Mukasonkhezera moto, mukakupiza mbaula mpaka malasha kufiira, madzi amangobwata mwaukali n'kuphwa msanga, koma amakhalabe pa 96. Chimene chimapsetsa nyemba ndi kutentha, kubwata kwenikweniko sikuthandiza. Madigiri anayi osowawo amaoneka ochepa, koma pa ndiwo zolimba amamveka: nyemba zimene kuchigwa zikanapsa m'maola awiri, kuno zimatha kufuna maola awiri ndi theka, ndipo mumathiramo madzi kangapo.

Mchere sungakonze vutoli. Kuti madzi a lita imodzi akwere ndi digiri imodzi yokha pamafunika magalamu 58 a mchere, ndiwo zimene palibe angazidye. Chivindikiro wamba chimathandiza kusunga madzi ndi makala, komabe nthunzi imatuluka m'mbali, ndiye sichikweza kutentha. Ngakhale kutsendereza chivindikirocho ndi mwala n'kungodzivutitsa.

Zimene potoyu amachita

Potoyu amatsekera nthunzi m'kati. Mphira wa m'chivindikiro umatseka m'mbali monse, ndipo nthunzi imatsala ndi njira imodzi yokha, kachubu ka pakati, kamene kamatsekedwa ndi kachitsulo kolemera. Nthunzi ikachuluka imatsendereza madzi, madziwo amalephera kubwata pa 96, ndipo amapitiriza kutentha mpaka nthunzi itakwanitsa kunyamula kachitsuloko. Phokoso la "tsii" limene mumamva ndi nthunzi yotsala ikutuluka.

Yang'anani pansi pa poto kapena pa chivindikiro. Ngati palembedwa 100 kPa kapena 15 psi, ndiye kuti kachitsulo kamawonjezera mphamvu imeneyo pamwamba pa mpweya wa kunja. Apa ndi pamene mtunda umalowereranso. Kugombe, 100 kuphatikiza 101 ndi 201 kPa, mphamvu imene imafikitsa madzi pa madigiri 120. Pa Mchinji ndi 100 kuphatikiza 88, ndipo m'kati mumafika pafupifupi 118. Poto wolembedwa 80 kPa amafika pafupifupi 115 kuno. Choncho potoyu sathetseratu za mtunda, koma kuchoka pa 96 kufika pa 118 ndi kusiyana kwakukulu, ndipo n'chifukwa chake ntchito ya maola awiri imatha m'mphindi zosakwana 30.

Kuti mukonze mphindi za pa bokosi, onjezerani magawo 5 pa 100 alionse pa mamita 300 alionse opitirira mamita 600. Kwa a Mchinji, Chipata ndi Lusaka zikutanthauza kuwonjezera mphindi imodzi pa mphindi 10 zilizonse. Pamene palembedwa 30, phikani 33. Mang'ina a ng'ombe, amene ena mumati vimbombo, akalembedwa 50, apatseni 55. Mukapita naye potoyu ku Mfuwe, kuchigwa cha Luangwa, musawonjezere kanthu.

Kuphika theka la kilogalamu ya nyemba za kabulangeti

Sankhani nyemba, chotsani timiyala ndi zofumbwa, kenaka ziviikeni m'madzi ambiri kwa maola 8 mpaka 12. Kuviika madzulo n'kuphika m'mawa kumakwanira. Tayani madzi oviikirawo.

Musanaike kanthu mupoto, nyamulani chivindikiro muyang'anire kudzuwa kudzera m'kachubu. Ngati kuwala sikukuoneka, kachubu katsekeka, kabooleni ndi kawaya kenaka mutsuke. Izi muzichita nthawi iliyonse, ngakhale munatsuka dzulo.

Ikani nyemba, thirani madzi lita imodzi ndi theka, ndi supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira. Mafutawo si okometsera, ntchito yake ndi kuchepetsa thovu. Nyemba ndi madzi pamodzi zisapitirire theka la poto, kumene kuli malita 3. Pa nyama mutha kufika magawo awiri mwa atatu, koma nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zimafufuma ndi kuchita thovu, ndipo khungu limodzi la nyemba ndi lokwanira kutseka kachubu. Tomato musamuike tsopano: kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba. Mumukazinge padera ndi anyezi, mudzasakanize pomaliza. Soda ndi chidulo nazo zisalowemo, zimachulukitsa thovu ndiponso zimadya poto wa aluminiyamu.

Tsekani mpaka zogwirira ziwiri zilingane, ikani kachitsulo, ikani poto pamoto waukulu. Pakatha mphindi 8 mpaka 12 kachitsulo kamayamba kulira mosalekeza. Kuwerenga mphindi kumayambira pamenepo, osati pamene mwaika poto pamoto. Ambiri amene amati potoyu sapsetsa amakhala atayamba kuwerenga molawirira.

Kakangoyamba kulira, chepetsani moto kuti kazingolira pang'onopang'ono. Pa gasi kapena pa magetsi n'zosavuta. Pa mbaula palibe chopotokola, choncho phulani poto pang'ono, chotsani makala ena ndi chopanira kapena muwakwirire ndi phulusa, n'kubwezera poto. Moto wankhuni wa pa mafuwa sitiulimbikitsa, chifukwa malawi amakwera m'mbali n'kuwotcha zogwirira ndi mphira. Monga mumphika wamba, moto wochuluka suwonjezera kutentha m'kati: kachitsulo kamangotaya nthunzi yambiri, madzi amaphwa, nyemba zimapserera pansi.

Nyemba zoviika zimene pa bokosi zapatsidwa mphindi 12, kuno zipatseni 13 kapena 14. Zosaviika zimafuna 33 kapena kupitirira. Nthawi ikakwana phulani poto, muike pambali, musamukhudze kwa mphindi 15. M'nthawi imeneyi nyemba zikupitiriza kupsa, ndipo nthunzi ikubwerera kukhala madzi. Kenaka pendeketsani kachitsulo ndi supuni yaitali, nkhope ili kutali. Ngati sikukutuluka kanthu, chotsani kachitsulo, tsegulani chivindikiro mochipendekera kutsogolo kuti nthunzi ipite kwina.

Finyani nyemba imodzi pakati pa zala. Ikaphwanyika yonse popanda kamtima koyera, zapsa. Ngati kamtima kalipo, tsekaninso muphike mphindi 3 mpaka 5 kuchokera pamene kachitsulo kaliranso. Nyemba zogonera chaka, makamaka zosungidwa pamalo otentha ndi achinyezi, zimauma mtima, ndipo zimatha kufuna nthawi yowirikiza. Pamenepo vuto si poto, si mtundanso.

Musatsegule mokakamiza

Madzi a m'kati ali pa 118, pamene kunja kuno madzi sangakhale phee akapitirira 96. Chivindikiro chikachoka mwadzidzidzi, kutsendereza konse kumatha nthawi imodzi, ndipo madzi onse amabwata kamodzi n'kudumpha pamodzi ndi nyemba. Zilonda zake zimakhala za kumaso, pachifuwa ndi m'manja. Chivindikiro chikamakana kupotokoka, ndiye kuti m'kati mukadali nthunzi. Dikirani. Ana asasewere pafupi, ndipo poto asasiyidwe pamoto popanda munthu wamkulu.

Pa chifukwa chomwecho, musachotse kachitsulo pofuna kufulumira pamene mukuphika nyemba. Msuzi umathovoka n'kutulukira pa kachubu, ndipo nyemba zimasweka makungu. Pa nyama ndi mbatata mutha kufulumizitsa pothira madzi ozizira m'mphepete mwa chivindikiro, osawalowetsa pa kachubu.

Nsima, phala ndi thobwa musaphikire m'potoyu atatsekedwa. Zimafuna mthiko, ndipo ufa umamata kachubu.

Zikavuta

Nthunzi ikamatuluka m'mbali mwa chivindikiro, kachitsulo osalira, ndiye kuti mphira wakhala molakwika, wauma kapena wang'ambika. Poto wotero akuphika pa 96 ngati mphika wina uliwonse, ndipo nyemba zanu zidzatuluka zosapsa ngakhale mutatsata mphindi zonse. Zimitsani moto, dikirani azizire, chotsani mphira muutsuke n'kuubwezera bwino. Ukalimba kapena kuchita ming'alu gulani wina wa saizi yomweyo. Lamba wodula ku chubu cha njinga salowa m'malo mwake.

Kachitsulo kakasiya kulira moto ukadali woyaka bwino, phulani poto msanga. Mwina kachubu katsekeka, mwina madzi atha. Fungo la kupserera limakuuzani kuti ndi madzi. Musaphike ndi madzi ochepera makapu awiri.

Pa chivindikiro palinso kavavu kotetezera, kamene kamatseguka kokha kachubu kakatsekeka. Kakaphulika, kagwira ntchito yake. Ikani katsopano kofanana nako. Amisiri ena a pamsika amatseka bowolo ndi bawuti kapena kuliwotcherera. Musalole, chifukwa poto wotero alibenso potulutsira nthunzi ikapyola muyezo. Musamangirirenso kanthu pa kachitsulo poganiza zobweza madigiri amene mtunda wachotsa. Makoma a poto anayesedwa molingana ndi kulemera kwa kachitsulo kameneko.

Madzi akumwa

Ena amafunsa ngati madzi owira pa 96 aphadi tizilombo toyambitsa kolera ndi kutsegula m'mimba. Inde, tizilomboti timafa madzi asanafike n'komwe pamenepo. Pa Mchinji, Kasungu ndi Chipata, madzi abwate kwambiri kwa mphindi imodzi yathunthu mumphika wamba, kenaka muwavindikire azizire. Mphindi 3 zimafunika kumalo opitirira mamita 2,000, monga pamwamba pa Nyika.