Momwe mungasinthire mtundu wa khoma ndi denga pa chithunzi cha nyumba osataya mithunzi

Penti wafika podula, malata ndiye osanena. Musanagule ndowa ya malita 20 n'kudzaona kuti mtunduwo sukugwirizana ndi denga, ndi bwino kuuyesa kaye pa chithunzi. Vuto ndi lakuti ambiri amangotenga burashi ya pa kompyuta n'kupaka khoma lonse mtundu umodzi. Mthunzi wa pansi pa denga umasowa, timabampu ta pulasitala timafafanizika, nyumba n'kumaoneka ngati pepala lodula ndi lumo. Njira yabwino ndi kusiya kuwala ndi mithunzi ya chithunzi choyamba mmene zilili, n'kusintha mtundu wokha. Tigwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu yaulere, kuyambira 2.10 kupita m'tsogolo. Nyumba yathu ili ndi khoma la kirimu ndi malata osapaka, ndipo tikufuna khoma la buluu wowala ndi denga lobiriwira.

Yambani ndi chithunzi chabwino. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa likuwomba khoma cham'mbali, chifukwa masana malata amanyezimira mpaka mizere yake osaoneka, ndipo chimene kamera sinagwire simungachibweze. Ngati wina akukutumizirani pa WhatsApp, atumize ngati Document, apo ayi chithunzi chimapanikizidwa ndipo m'mphepete mwa mawindo mumasokonekera.

Kenako sankhani khoma. Dinani F kuti mutenge Free Select, kulitsani chithunzi kufika pa 200%, n'kumadina pakona iliyonse ya khoma mpaka mubwerere pomwe munayambira. Mawindo ndi zitseko muzichotse pozizunguliza mutagwira Ctrl musanayambe kudina. Mukatha pitani pa Select > Feather muike 1 kapena 2. Izi zimafewetsa m'mphepete pang'ono kuti mufanane ndi mmene kamera imajambulira. Musaike 10 kapena 20 poganiza kuti zibisa zolakwika, chifukwa utoto udzangotayikira pamafelemu ngati nkhungu.

Tsopano mangani maleya, amene ali ngati mapepala osanjikizana pa chithunzi. Dinani Shift+Ctrl+D kuti mupange kope la chithunzi. Pangani gulu la maleya pa Layer > New Layer Group, kokerani kope lija m'gululo, kenako sankhani gululo n'kupita pa Layer > Mask > Add Layer Mask, musankhe Selection. Malizani ndi Select > None. Masiki imeneyi ndi imene ikuuza pulogalamu kuti zonse za m'gulu zizioneka pakhoma pokha. Ubwino woiika pagulu ndi wakuti mukapeza cholakwika m'mphepete mudzakonza malo amodzi basi.

Gawo lotsatirali ndi limene ambiri amalidumpha, koma ndi pamene pagona ntchito yonse. Sankhani kope la m'gulu lija, pitani pa Colors > Desaturate > Desaturate, musankhe Luminance. Khoma lisanduka lotuwa, kirimu yense wachoka, mwatsala ndi kuwala ndi mithunzi yokha. Tsegulani Colors > Levels n'kukokera kumanzere kamakona atatu koyera ka pansi pa Input Levels mpaka mbali ya khoma imene dzuwa likuwomba itsale pang'ono kuyera. Imani timabampu ta pulasitala tikadaoneka. Tikasowa ndiye kuti mwapyola, bwererani.

Sankhani buluu wanu pa kabokosi ka mtundu, dinani Shift+Ctrl+N, pa Fill with musankhe Foreground color, ndipo leya yatsopanoyi ikhale m'gulu momwemo pamwamba pa yotuwa. Pa Mode sinthani kuchoka pa Normal kupita pa Multiply. Pompo buluu alowa m'khoma, mthunzi wa denga ubwerera pamalo pake, ngakhale mthunzi wa waya wa magetsi uonekanso.

Chifukwa chake n'chosavuta. Multiply imasiya mtundu wanu mmene ulili paliponse pamene pansi pali poyera, ndipo imaudetsa molingana ndi kuda kwa pansipo. Siitha kuwalitsa. N'chifukwa chake tinayamba tachotsa kirimu ndi kuyeretsa khoma. Mukaika buluu pamwamba pa kirimu mwachindunji, chikasu cha m'kirimu chimasakanikira ndipo mumapeza mtundu wakuda wopendekera ku wobiriwira. Apa ndi pamenenso pali malire a njirayi. Khoma loyera kulidetsa n'kosavuta, koma khoma lofiira kwambiri kapena la njerwa zootcha kuliyeretsa kumafuna kukoka Levels kwambiri, ndipo m'mithunzi mumatuluka timadontho. Zikatero chithunzicho chingokuthandizani kuona mtundu, osati kukaonetsa kasitomala.

Bwererani m'mphepete. Kulitsani kufika pa 300% n'kuyendera mafelemu a mawindo, zitsulo zake ndi pamene khoma lakumana ndi khonde. Mukaona kamzere ka kirimu katsala, dinani pa masiki ya gulu, tengani burashi yaing'ono yoyera mupake pamenepo. Pamene buluu wakwera pafelemu pakani ndi yakuda. Kuti mzere uwongoke, dinani poyambira, gwirani Shift, dinani pothera. Ine ndimaona kuti theka la nthawi yonse liyenera kuthera pano, chifukwa diso la munthu limakhululuka mtundu wolakwika pang'ono koma kamzere kozungulira windo limakagwira msanga.

Denga lipangireni gulu lakelake potsata njira yomweyi, koma lili ndi zake ziwiri. Choyamba ndi dzimbiri. Mukachotsa mtundu, dzimbiri limasanduka mabanga akuda amene adzaonekera pansi pa wobiriwira, ndiye lichotseni pa leya yotuwa ndi Clone, podina C. Gwirani Ctrl mudine pamalo abwino a mzere womwewo wa lata, n'kumapaka motsika ndi mzerewo, osati mopingasa, kuti mizere isathyoke. Chachiwiri ndi kunyezimira. Malata opaka amawala pamisana yake, koma Multiply imazimitsa kuwala kumeneku, denga n'kukhala ngati nsalu. Pangani kope lina la leya yotuwa, liikeni pamwamba pa wobiriwira, pa Levels kokerani kamakona atatu kakuda kumanja mpaka patsale timizere towala tokha, kenako Mode ikhale Screen ndipo Opacity itsike kufika cha m'ma 25. Ngati nthambi za mango zadutsa kutsogolo kwa denga, musavutike kudula tsamba lililonse. Dinani Shift+O kuti mutenge Select by Color, sankhani masambawo pa chithunzi choyamba, n'kuwadetsa pa masiki.

Pansi pa khonde pamasiyana pang'ono chifukwa mukuika chinthu chatsopano, monga matailosi, osati mtundu wokha. Jambulani matailosi mutawayang'ana kuchokera pamwamba ndendende, atseguleni ndi File > Open as Layers, dinani Shift+P n'kukokera makona anayi kuti mizere yake itsate tsinde la khoma ndi m'mphepete mwa khonde. Kukula kwake yerekezani ndi chitseko: chitseko cha masentimita 80 chimadutsidwa ndi matailosi awiri a masentimita 40. Khondeli lipangireninso gulu lakelake, koma pano leya yotuwa ikhale pamwamba pa matailosi pa Multiply, kuti mithunzi ya mipando ndi zipilala igwere pa iwo. Ming'alu ya simenti yakale ikamaonekera, ifafanizeni pa leya yotuwayo ndi Filters > Blur > Gaussian Blur, koma pang'ono, kuti mthunzi wa pansi pa mwendo wa mpando usasungunuke, apo ayi mpando uoneka ukuyandama.

Sungani ntchito ndi File > Save, imene imasunga maleya onse mu .xcf, ndipo chotumiza kwa ena mutulutse ndi File > Export As. Kuyesa mtundu wina tsopano n'kungosankha mtundu watsopano pa kabokosi ka mtundu, kusankha leya ya mtundu n'kupita pa Edit > Fill with FG Color. Buluu yemweyo amaoneka mosiyana pa foni ndi pa kompyuta, choncho mukasankha gulani kachitini kakang'ono, pakani malo okwana mita imodzi pakhoma lenileni, liume, muliyang'ane m'mawa ndi masana musanagule ndowa yonse.