Kanema wa antchito atsopano pa fakitale ayambire pa loko ndi kiyi

Eni mafakitale ang'onoang'ono kuno ku Mangochi, makamaka ogaya chimanga, opuntha mpunga ndi osakaniza chakudya cha nkhuku ndi nsomba, ayamba kujambula kanema woonetsa antchito atsopano tsiku loyamba. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 limapatsa bwana udindo wophunzitsa wantchito za ngozi za pamalo pake, ndiye kanemayu amathandizadi. Vuto lomwe ndimaliona n'lakuti ambiri amathera mphindi zitatu bwana akulandira anthu ali pampando mu ofesi, kenako n'kutchula ngozi khumi mothamanga ngati akuwerenga mayina a odwala. Mnyamata wochokera ku Makanjira amene sanaonepo mota yaikulu amatulukamo atangogwira kuti kampani imamukonda.

Musanagwire foni, tengani pepala mulembe mzere pakati. Kumanzere lembani chimene diso liziona, kumanja chimene khutu lizimva. Mawu amene alibe chithunzi chake afufuteni. Kanema yense asapitirire mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo ngozi zikhale zitatu zokha. Pa chigayo ine ndimasankha izi: kupisa dzanja m'makina oima, zovala zolendewera pafupi ndi lamba, ndi phokoso. Yoyambayo ipatseni theka la nthawi yonse, chifukwa ndi imene imadula zala.

Nachi chitsanzo cha gawo limenelo.

Chithunzi choyamba: chigayo chikulira, kenako magetsi athima, m'nyumba mwangoti zii. Wantchito akuyandikira, akutsegula chitseko cha pamene pali nyundo ndi sefa kuti achotse chimanga chomwe chatsamira. Liwu likuti: "Makina aima. Koma sanazimitsidwe. Magetsi akabwera, kapena mnzanu akaliza jenereta, dzanja ili lili kuti?" Pamenepo chithunzi chiime kwa masekondi atatu, dzanja lili pafupi ndi nyundo, popanda mawu ena.

Kuno kuthima kwa magetsi sitikudabwa nako, n'chifukwa chake ndimayambira pamenepa. Makina ena ali ndi swichi ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, yomwe imadzimasula yokha magetsi akapita, moti salira mpaka wina adine lobiriwira. Ena akale, kapena omwe amisiri a m'njira analumikiza molambalala swichiyo itapsa, amangodzuka okha magetsi akabwera. Wantchito watsopano sangasiyanitse. Ngakhale pa swichi yabwinoyo, mnzake amene waona babu layaka akhoza kuthamangira kukadina asakudziwa kuti kuseri kuli munthu. Nyundo za chigayo zimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi, kutanthauza ka 50 pa sekondi imodzi. Palibe amene amabweza dzanja mwachangu chotero.

Chenjezo kwa wojambula: khalidwe lolakwikali lijambulidwe makina atakhomedwa kale ndi loko, lokoyo asaoneke pachithunzi basi. Kulira kwa chigayo mujambule padera. Musaike munthu pangozi yeniyeni pofuna kanema wokoma.

Chithunzi chachiwiri ndi cha njira yoyenera, ndipo chikhale chachitali kuwirikiza katatu cholakwika chija, chifukwa munthu amatengera chimene wachiona nthawi yaitali. Kamera itsate manja, osati nkhope. Wantchito yemwe uja adine batani lofiira, apite pa swichi yaikulu ya pakhoma n'kuitsitsa, akolekepo loko, kiyi aike m'thumba la ovolosi lake. Liwu likuti: "Kiyi ndi wanu. Osampatsa kapitawo, osamusiya pa loko." Amangirirepo kakadi ka dzina lake. Kenako abwerere adine batani lobiriwira kuti atsimikize kuti makina sakudzuka. Sitepe imeneyi ambiri amaidumpha, koma magetsi akakhalapo ndi imene imaulula ngati mwatsitsa swichi ya makina ena. Pomaliza adikire mpaka lamba ataimiratu, pakuti nyundo zimapitiriza kuzungulira kwa kanthawi mota itazima, ndiye atsegule. Akakhala awiri ogwira pa makinawo, aliyense akoleke loko wake.

Ndinaonapo kanema wina pa fakitale ina ya mpunga, wojambulidwa bwino ndithu, loko wachikasu akuwala. Titalowa m'nyumba ya makina, swichi ya pakhoma inalibe n'kabowo komwe kokolekapo loko, ndipo lokoyo anali wobwereka tsiku lojambula. Tsono yambani mwaitana wamagetsi akonze swichi, mugule maloko, kanema abwere pambuyo. Wantchito akaona kuti za mu kanema palibe pansi pano, zonse amaziyesa sewero.

Za zovala muzilankhule mwaulemu koma mosazungulira. Amayi ambiri kuno amagwira ntchito atavala chitenje ndi mpango, abambo ena malaya aatali. Musajambule ngati mukunyoza chovala cha munthu. Onetsani mayi akupisira nsonga za mpango m'kolala ya ovolosi, bambo akumanga mabatani a m'mikono, kenako kamera ipite pa lamba ndi gudumu lake zili m'kati mwa chotchingira cha waya. Liwu likuti: "Mukapeza chotchingira ichi chachotsedwa, musalize makina. Kauzeni kapitawo." Mu Okutobala ndi Novembala m'nyumba za malata mumatentha ngati ng'anjo, anthu amavula ovolosi kumtunda n'kumangirira mikono yake m'chiuno. Mikono yolendewerayo ndi imene lamba amakonda. Ikani chithunzi chimenecho, aliyense adzadzizindikira.

Phokoso silifuna nthawi yambiri. Malire amene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi madesibo 85 pa maola asanu ndi atatu, koma nambalayo sithandiza munthu wopanda chida choyezera. Onetsani anthu awiri ataima motalikirana mkono umodzi, wina akukuwa kuti mnzake amve, liwu n'kunena kuti zikafika apa valani zotsekera m'makutu. Thonje si chotsekera.

Mawu onse akhale a pakamwa, ziganizo zazifupi, ndipo musadalire zolemba pachithunzi poti aganyu ena sawerenga. Ku Mangochi kuno ndi bwino kujambula liwu kawiri, m'Chichewa ndi m'Chiyao, pa zithunzi zomwezo. Wolankhula akhale wantchito wakale wa pomwepo amene anzake amamumvera, osati wa mu ofesi. Liwu lijambulidwe m'chipinda chabata, chifukwa pafupi ndi chigayo foni imangotola phokoso.

Mathero a kanema asapitirire masekondi 30, ndipo musabweretsemo chatsopano. Bwezani zithunzi zitatu zomwe anaziona kale ndi mawu omwewo osasintha: "Loko pa swichi, kiyi m'thumba mwanu. Chovala chisalendewere. Mukayamba kukuwa, tsekani makutu." Mukanena "swichi yaikulu" poyamba ndiye kumapeto n'kuti "bokosi la magetsi", wina adzaganiza kuti ndi zinthu ziwiri.

Kanema akatha musafunse kuti "mwamva?", aliyense wofuna ntchito amayankha kuti eya. Kapitawo atenge munthuyo apite naye pa makina amene adzagwirepo, ampatse loko, n'kumuuza kuti: "Achimwene, magetsi athima, chimanga chatsamira. Tandionetsani." Akaiwala kudina batani lobiriwira loyesera, abwerere aonenso gawo loyamba lija. Atsopano atatu motsatizana akalakwitsa pamalo amodzi omwewo, tengani pepala lija muone mzere umenewo, kawirikawiri mupeza kuti kumanja munalemba mawu koma kumanzere kamera inali kwina.