Uthenga wa WhatsApp utaima pa kawotchi

Mauthenga anga opita kwa achemwali ku Johannesburg ankangoima pa kawotchi kaja, pomwe bando inalipo ndipo netiweki kuno ku Ndirande inali yodzadza. Kuzimitsa foni ndi kuyatsanso sikunathandize. Bando ina ndinangoitayira ndalama.

Chinanditsegula maso ndi kulingalira njira imene uthenga umadutsa. Ukachoka m'foni umafika pa nsanja ya netiweki, kenako umalowa m'mawaya a faiba. Poti Malawi alibe nyanja yamchere, mawayawo amadzera ku Mozambique kapena ku Tanzania kukalumikizana ndi ena apansi pa nyanja, mpaka pa seva, kompyuta yaikulu ya WhatsApp. Chongi chimodzi chimatanthauza kuti wafika pa sevapo, ziwiri ndiye kuti walowa m'foni ya mnzako. Kawotchi ndiye kuti sunafike n'komwe pa seva, choncho foni ya achemwali inalibe mlandu.

Uthenga usananyamuke, foni imayamba yafunsa DNS, seva ina yomasulira mayina kukhala manambala, kuti ipatsidwe nambala ya adiresi ya seva ya WhatsApp, chifukwa pa intaneti zinthu zimayenda ndi manambala, osati mayina. Funsolo likapanda kuyankhidwa, palibe chimachoka. Umboni woti vuto langa linali pamenepa unali woti masamba onse a pa intaneti ankakananso kutseguka.

Pa Android yanga ndinalowa mu Settings, kenako Network & internet, n'kupeza Private DNS. Munali dzina la seva ina yotsekera zotsatsa malonda, imene mphwanga anaikamo, ndipo inali itasiya kuyankha. Nditasankha Automatic, mauthenga onse anapita nthawi yomweyo, osalipira kalikonse. Pa mafoni ena mungolemba Private DNS posakira mu Settings.