Nyimbo izigonjera mawu a munthu

Ngati mukuika nyimbo pansi pa mawu ofotokoza, musamayese ndi mahedifoni okha, amanamiza. Ine ndimayamba ndi mawu a munthuyo payekha, ndikuwafikitsa pafupifupi -16 LUFS pa muyeso wa kukwera kwa mawu onse, ndipo nsonga zake, pamene mawu akwera kwambiri, zisapitirire -1 dBTP. Kenako ndimalowetsa nyimbo, ikhale pansi pa mawuwo ndi 18 mpaka 20 dB pamene munthu akuyankhula.

M'malo motsitsa ndi dzanja chiganizo chilichonse, gwiritsani ntchito Auto Duck, chida chimene chimatsitsa nyimbo chokha munthu akamayankhula, mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity: mzere wa nyimbo ukhale pamwamba, wa mawu pansi pake penipeni, musankhe wa nyimbowo. Duck amount, mlingo umene chidachi chimatsitsira nyimbo, imayambira pa -12 dB, choncho nyimbo yonse muyambe mwaitsitsako ndi 6 mpaka 8 dB pansi pa mawuwo.

Chimene chinandivutitsa kwambiri ndi nyimbo yodumphadumpha nthawi iliyonse munthu akapuma. Kwezani Maximum pause, nthawi imene munthu angapume nyimbo isanakwerenso, kufika masekondi 2, kuti nyimbo izibwerera pokhapokha wangoti zii kwenikweni.

Pomaliza mverani pa sipika ya foni, motsitsa. Mukapeza kuti mukutchera khutu kuti mumve liwu lina, tsitsaninso nyimbo ndi 3 dB. Ndipo nyimbo yokhala ndi woimba isiyeni, mawu awiri amalimbirana khutu limodzi.